Kusiya Fayilo ya Bajeti M'manja mwa Mnzanu: Malangizo kwa Osunga Ndalama a ku Dzaleka

Ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo womwe unatsegulidwa mu 1994 m'boma la Dowa, kuli mabungwe akuluakulu monga UNHCR ndi WFP. Amenewo ali ndi njira zawozawo zosungira mabuku. Malangizo ano ndi a inu a timabungwe ting'onoting'ono toyendetsa sukulu ya mkombaphala kapena maphunziro a ntchito zamanja, komwe bajeti yonse imakhala mu fayilo imodzi ya Excel yomwe amaidziwa ndi munthu mmodzi yekha. Munthuyo akamachoka, kawirikawiri amangosiya kapepala koti "fayilo ili pa kompyuta, zonse zili bwino." Ndaona anthu ambiri olowa m'malo akusauka ndi kapepala kotere mpaka odita kuwapeza.

Zoyambirira musatayepo nthawi. M'kalata yomwe mukusiyira wolowa m'malo, lembani dzina la fayilo yomwe ikugwira ntchito, komwe ili, ndi ntchito ya tsamba lililonse. Mafayilo akale asunthireni kwina. Pasiwedi perekani kwa abwana pamanja, osati m'kalatamo. Mzere womaliza wa gawoli ukhale ndalama zomwe zili ku banki, m'bokosi ndi pa Airtel Money kapena Mpamba pa tsiku lomwe mukuchoka.

Tsopano pomwe ambiri amagwera: mtengo wosinthira dola.

Thandizo limabwera mu madola, koma simenti, ufa ndi malipiro mumalipira mu makwacha. Choncho penapake mu fayiloyo pali nambala yolumikiza ndalama ziwirizi, ndipo kalata yanu iyenera kunena kabokosi komwe nambalayo ili, tsiku lomwe inaikidwa, ndi komwe inachokera. Kodi ndi mtengo womwe munalembera pempho la thandizo, kapena womwe banki inakusinthirani ndalama zitafika? Iyi ndi mitengo iwiri yosiyana, ndipo wolowa m'malo mwanu sangalote kuti munatsata uti.

Tiyerekeze kuti bungwe lanu linalonjezedwa madola 20,000 m'zigawo ziwiri, ndipo bajeti inalembedwa dola ili pa K1,180. Pa pepala zonse pamodzi ndi K23,600,000. Chigawo choyamba cha madola 10,000 chafika pa mtengo womwewo, chapereka K11,800,000. Kenako mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi yagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola yafika pa K1,700. Chigawo chachiwiri chafika, chapereka K17,000,000. Zonse zakwana K28,800,000, ndipo fayilo ikuonetsa ngati pali K5,200,000 yapamwamba.

Wolowa m'malo yemwe sanauzidwe kanthu amagwa m'mbuna ziwiri. Yoyamba, amauza komiti kuti pali ndalama zotsala, komiti n'kugwirizana zogula mipando yatsopano, kuiwala kuti katundu yemwe anali kale mu bajeti wakweranso mtengo ndipo ndalamazo zili ndi ntchito kale. Yachiwiri ndi yopweteka kwambiri. Akamalemba lipoti kwa opereka thandizo, fayilo imatenga K17,000,000 ija n'kuigawa ndi mtengo wakale wa 1,180, n'kutulutsa madola pafupifupi 14,400. Munalandira madola 10,000, koma lipoti likuti mwagwiritsa ntchito 14,400. Palibe yemwe waba, koma kalata yofunsa mafunso ibwera ndithu, ndipo chigawo chotsatira chikhoza kuimitsidwa mpaka mutalongosola.

Ndiye lembani momveka: chigawo chilichonse chili ndi mtengo wake, tsiku lake, ndi pepala la ku banki lochitira umboni. Lembaninso zomwe mgwirizano wanu ndi opereka thandizo ukunena pa ndalama zobwera chifukwa cha kugwa kwa kwacha, chifukwa ena amafuna muyambe mwapempha chilolezo musanazikhudze. Tchulani tsamba la mgwirizano lomwe likunena zimenezo.

Ena amati, "Ingosinthani mtengo pa tsamba loyamba, zina zonse zisintha zokha." Malangizo amenewa ndi omwe amapha mafayilo. Amagwira ntchito pokhapokha fomula iliyonse ikuloza ku kabokosi ka mtengo, ndipo mu fayilo yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo zimenezi sizichitikachitika. Taonani mizere iwiri iyi:

```
=C8*Rate!$B$2
=C8*1180
```

Pa kompyuta yonse iwiri imaonetsa yankho lofanana mpaka tsiku lomwe mtengo usinthe. Woyamba utsatira, wachiwiri ukhala pomwepo osanena kanthu. Musanalembe kalata, dinani Ctrl+F, lembani 1180, pa Options sankhani Workbook ndi Formulas, kenako Find All. Malo onse omwe atuluke akonzeni, ndipo omwe simungathe kuwakonza alembeni m'kalata limodzilimodzi, tsamba ndi kabokosi kake. Mukatero sinthani mtengo mwadala, muone mizere yomwe siikugwedezeka, kenako mubwezere mtengo weniweni. Mzere wosinthira ndalama womwe sunasunthe uli ndi nambala yomwe wina anangoilemba pamanja. Ndibwerezenso: musasiye fayilo musanaiyese chotere. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, pamene wolowa m'malo angathe sabata yonse akufufuza chomwe inu mukuchidziwa kale.

Pali kanthu kena ka ku Dzaleka kuno komwe anthu a ku Lilongwe sakaganizira. Anzathu ambiri ochokera ku Congo ndi ku Burundi anaphunzira masamu mu Chifalansa, momwe koma amaimira desimali. Pa laputopu yotcheredwa mu Chifalansa, kulemba 1,700 kukhoza kutanthauza 1.7 chabe. Nenani m'kalata kuti manambala alembedwe opanda koma kapena kadontho.

Mukathana ndi mtengo, lembani ngongole zomwe fayilo siikuzidziwa. Fayilo imaonetsa zomwe zalipidwa, osati zomwe mwalonjeza. Kalipentala yemwe wayamba kale kukhoma mabenchi, wa sitolo yemwe anapereka katundu koma invoisi siinafike, wogwira ntchito yemwe anatenga adivansi ya ulendo ndipo sanabweze malisiti: aliyense alembedwe ndi ndalama zake ndi tsiku. Msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, choncho ngati mukuchoka kumapeto kwa mwezi, ndalama zomwe zikuoneka ku banki sizonse zanu. Chimodzimodzi za penshoni: 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wogwira ntchito. Mukapanda kuzilemba, mnzanu aziona ngati zaulere.

Onaninso SUM ya pansi pa tsamba lililonse, chifukwa mzere woonjezeredwa kumapeto nthawi zina umatsala kunja kwa chiwerengero. Masamba obisika atulutseni ndi Unhide, ndipo munene chifukwa chomwe anabisidwira. Ngati munasuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, lembani yemwe analoleza ndi komwe kuli kalata yake. Chilolezo cha pakamwa kapena cha pa WhatsApp ya foni yanu chimachoka nanu limodzi.

Kalata yonse isapitirire masamba atatu. Kusindikiza makope atatu sikungadye zoposa masauzande ochepa a makwacha, ndipo limodzi likhale la abwana. Pomaliza khalani pansi ndi wolowa m'malo, theka la tsiku likwana, koma kompyuta agwire ndi iyeyo. Mupatseni lisiti lenileni alilowetse yekha, asinthe mtengo yekha, atulutse lipoti la mwezi watha yekha, inu mukungoyang'ana. Paliponse pomwe waima n'kufunsa, lembani yankholo m'kalata musanasainirane.