Kuwerengera msonkho wa VAT wa pamwezi

Ophunzira inu, tsegulani makope, lero tiwerengera limodzi ndalama zimene wamalonda wolembetsedwa pa msonkho wa VAT amapereka ku bungwe la MRA mwezi ukatha. Choyamba gwirani ichi: VAT imene mwini sitolo amalandira pa kauntala si yake. Ndi ya boma, iye amangoisunga. Chimene lamulo limamulola n'kuchotsapo VAT imene iyenso analipira pooda katundu, kenako n'kupereka yotsalayo.

Titenge sitolo yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Tigwiritsa ntchito mlingo wa 16.5 peresenti, umene unagwira ntchito m'dziko muno kwa zaka zambiri. Mlingo umatha kusintha ndi bajeti ya boma, koma kawerengedwe kake sikasintha.

M'mwezi wa Malichi sitoloyi yagulitsa simenti, malata ndi misomali za K8,000,000, msonkho usanaikidwe. VAT yake ndi K1,320,000, choncho makasitomala onse pamodzi alipiritsidwa K9,320,000. Mwezi womwewo mwini wake anaoda katundu wa K5,000,000 ndipo analipirapo VAT ya K825,000. Magetsi a m'sitolo, penti wa mashelefu ndi mapepala a mu ofesi zinakwana K400,000, VAT yake K66,000. Msonkho wonse umene analipira pogula ndi K891,000. Tsopano chotserani:

K1,320,000 − K891,000 = K429,000

K429,000 imeneyi ndiyo ayenera kulemba pa fomu ya mwezi wa Malichi, n'kulipira pasanadutse pa 25 Epulo. Fomuyo masiku ano imatumizidwa kudzera pa Msonkho Online. Kuchedwa kuli ndi chindapusa, ndipo ngongoleyo imabereka chiwongoladzanja. Ngakhale mwezi umene sitolo sinagulitse kanthu, fomu imapitabe yolembedwa ziro.

Apa ndi pamene ambiri mumagwa pa mayeso, ndipo amalonda enieninso amagwa pomwepa. Mukapatsidwa K9,320,000, ndalama imene msonkho uli kale m'kati, musafulumire kutenga 16.5 peresenti yake. Mupeza K1,537,800, ndipo mudzakhala mwakhometsa msonkho pa msonkho unzake. Gawani ndalamayo ndi 116.5, muchulukitse ndi 16.5, mupeza K1,320,000. Kuti mutsimikize, chotsani yankho lanu pa ndalama yonse ija, ndipo 16.5 peresenti ya yotsalayo ifanane ndi yankholo. Zikasiyana, bwererani.

Nanga VAT iliyonse imene munthu walipira angaichotse? Ayi. Pamafunika invoisi ya msonkho yochokera kwa wogulitsa wolembetsedwa, yoonetsa dzina lake, nambala yake ya msonkho, tsiku, ndi VAT yolembedwa payokha. Tinene kuti mwini sitolo uja anagula matabwa a K600,000 kwa wocheka matabwa wa m'mbali mwa msewu, n'kulandira kapepala kolemba ndi bolopeni, kongonena mtengo. Pamenepo palibe chochotsera, chifukwa wogulitsayo sanatolere VAT iliyonse. Koma matabwawo akamagulitsidwa m'sitolo, VAT iikidwa pa mtengo wonse. Chimodzimodzi firiji yogulira kunyumba: ngakhale lisiti lake litakhala labwino bwanji, si ya bizinesi, silowa pa fomu. Ine ndimaona kuti lamuloli n'lolungama, pakuti ndilo limachititsa wamalonda kuumirira lisiti loyenera kwa amene akumuodetsa, ndipo potero winayo sangabise zimene wagulitsa.

Ngongole nayo imapweteka anthu. Kontilakita akatenga simenti pa ngongole m'Malichi, invoisi n'kulembedwa m'Malichi, VAT yake ndi ya Malichi, ngakhale iye adzalipire mu Juni. Mwini sitolo amene anatenga ndalama zonse za mu kabati n'kuodera katundu wina adzafika pa 25 manja ali m'khosi.

Tione mwezi wa Epulo. Mvula yatha, anthu ayamba kumanga posachedwa, ndiye mwini sitolo wadzaza nyumba yosungira katundu. Waoda za K7,000,000, VAT yake K1,155,000, koma wagulitsa za K4,000,000 zokha, VAT yake K660,000. Ulendo uno zimene analipira zaposa zimene anatolera ndi K495,000. Salipira kanthu mwezi umenewu, komanso asayembekezere kuti MRA imutumizira ndalama mawa lake. K495,000 ija imasungidwa m'dzina lake, n'kudzachotsedwa pa msonkho wa mwezi wa Meyi. Kupempha kubwezeredwa ndalama kumakhudza kwambiri anthu monga otumiza katundu kunja, amene malonda awo amakhomedwa VAT ya ziro, motero mwezi ndi mwezi zolipira zawo zimaposa zotolera.

Ntchito ya kunyumba nayi. M'Meyi sitolo yomweyo yagulitsa katundu wa K11,650,000, VAT ili kale m'kati, ndipo yaoda wa K3,000,000, VAT isanaikidwe. Pezani ndalama yoti ilipire pofika pa 25 Juni. Musaiwale za Epulo, ndipo mundionetse njira yonse, osati yankho lokha.