Katundu Ndi Wambiri, Nanga Ndiyambe Kuwerenga Uti?

FUNSO

Bambo mlangizi, ine ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, momwe muli mitundu ya katundu yokwana 400, kuyambira simenti ndi malata kufikira mahinjesi ndi timisomali. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimatseka sitolo tsiku lathunthu, ndipo ine ndi mphwanga, amene amasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu, timawerenga zonse, kuyambira pa mashelefu a kukhomo. Pofika ku simenti ndi malata, zomwe zili kuseri, dzuwa limakhala litalowa, ife titatheratu, mwakuti timangoponya maso pa milu n'kulemba. Chaka chathachi, pofananitsa mabuku ndi malisiti, ndapeza kuti matumba 40 a simenti sakuoneka. Ndatumiza kaundula wa mitundu khumi kuti muone. Kodi ndileke kuwerenga, popeza sikundipindulira, kapena ndilembe antchito ena?

Wasitolo wothedwa nzeru, Mponela

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, imene mwailemba mosabisa kanthu. Ndipo ndisanapite patali ndikuuzeni kuti musaleke kuwerenga, musalembenso antchito ena, pakuti vuto lanu silili pa kuchepa kwa manja, koma pa kugawa mphamvu mofanana pakati pa zinthu zosafanana. Munthu amene atha usana wonse akuwerenga mahinjesi mmodzimmodzi, nafika pa simenti mdima utagwa ndi maso atalema, afanana ndi aja Malembo amawadzudzula, osefa kachirombo m'chakumwa chawo pamene ngamila ikuwadutsa pammero.

Pali njira imene osunga katundu amaitcha ABC, ndipo muzu wake ndi chinthu chimene katswiri wina wa zachuma wa ku Italiya, Vilfredo Pareto, anachiona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuti chuma chochuluka cha dziko chimakhala m'manja mwa anthu owerengeka. M'chaka cha 1951 a H. Ford Dickie, a ku kampani ya General Electric ku Amereka, analemba za kugwiritsa ntchito mfundo yomweyo pa katundu wosungidwa. Pakuti m'sitolo iliyonse, ngakhale mitundu ichuluke bwanji, ndalama zambiri zimadzera m'mitundu yochepa chabe.

Kachitidwe kake n'kotere. Pa mtundu uliwonse wa katundu, tengani kuchuluka kwa zimene munagulitsa m'chaka chathunthu, muchulukitse ndi mtengo umene inu mumagulira chimodzi pooda. Ndipo mukatero ndi mitundu yonse, muindandalike kuyambira wa ndalama zambiri kutsikira kwa wa ndalama zochepa, kenaka muziphatikiza kuchokera pamwamba. Mitundu yoyamba imene pamodzi ikwanitsa magawo pafupifupi 80 pa 100 a ndalama zonse ndiyo gulu A. Yotsatira imene iwonjezera magawo 15 ndiyo gulu B. Ndipo yonse yotsala, ngakhale ikhale khamu lalikulu, ndiyo gulu C. Malire amenewa si lamulo lolembedwa pamwala: mukaona kuti mndandanda wanu ukuduka bwino pa 75, dulani pomwepo.

Tsono tiyeni tione kaundula wanu. Simenti munagulitsa matumba 2,000, pa mtengo woodera wa K25,000 thumba limodzi, zomwe zikupereka K50 miliyoni. Malata 1,500 pa K20,000 akupereka K30 miliyoni. Popeza mitundu khumi yonseyo pamodzi ikukwana K100 miliyoni, muona kuti iwiri yokhayi yanyamula magawo 80 pa 100, ndipo ndiyo gulu A. Penti wa K8 miliyoni, misomali ya K4 miliyoni ndi maloko a K3 miliyoni zikuwonjezera magawo 15, ndipo ndizo gulu B. Makasu, mababu, maburashi, mahinjesi ndi mawilibala, zomwe ndi theka la mndandanda wonse, zikungokwana K5 miliyoni basi.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Wilibala ndiyo yokwera mtengo kuposa chilichonse pa kaundula wanu, K150,000 imodzi, ndipo munthu wongoyang'ana mtengo akanaiika patsogolo penipeni; koma popeza munagulitsa zisanu zokha chaka chonse, ndalama zake ndi K750,000, chimodzimodzi ndi mahinjesi 500 a K1,500. Chimene tikuyeza si ulemerero wa chinthu chimodzi, koma ndalama zonse zimene zimalowa ndi kutuluka kudzera mwa icho, pakuti katundu amene amanyamulidwa, kutsitsidwa ndi kulembedwa tsiku ndi tsiku ndiye amapereka mpata waukulu wa kulakwitsa ndi kusowa. Taonani matumba anu 40 aja: ndi awiri okha pa 100 aliwonse, kuchepa kumene diso loponyedwa pa mulu silingakuone, komabe mtengo wake ndi K1 miliyoni, kuposa mahinjesi onse amene munagulitsa chaka chathunthu. Mukanataya hinjesi aliyense wa m'sitolomo, simukanaluza monga mwaluzira pa simenti.

Mukachita zomwezi ndi mitundu yonse 400, tiyerekeze kuti mwapeza 60 m'gulu A, 100 m'gulu B ndi 240 m'gulu C. Gulu A muziliwerenga mwezi uliwonse, gulu B kamodzi pa miyezi itatu, gulu C kamodzi pa chaka. Ndipo pophatikiza maulendo 720, 400 ndi 240, mupeza kuti ntchito ya chaka chonse ndi maulendo 1,360, pamene tsopano mukudzisenzetsa 4,800. Mukagawa maulendo amenewa pa masiku ngati 300 amene sitolo imatsegulidwa, ndiye kuti patsiku muwerenga mitundu isanu yokha, m'mamawa musanatsegule chitseko, mutu uli wopepuka, ndipo simudzatsekanso sitolo tsiku lathunthu. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma simenti ndi malata, popeza ndizo msana wa malonda anu, muzizionjezera ulemu: muziziwerenga sabata iliyonse, ndipo matumba aziunjikidwa khumikhumi pa mapulanga, ndi mpata pakati pa mizere, kuti thumba lililonse lioneke, ndiponso kuti chinyezi cha pansi chisaumitse simenti.

Kawerengedwe nako kakhale kosiyana monga mwa gulu. Pa gulu A, wowerenga asayambe waona nambala ya m'buku, pakuti munthu wodziwa kuti payenera kukhala 120 maso ake amapeza 120. Alembe chimene wapeza, ndipo pambuyo pake mufananitse. Wowerengayo asakhalenso yemwe amasunga makiyi, osati chifukwa chomukayikira, koma kuti iyenso atetezeke ku manong'onong'o. Kusiyana kwa thumba limodzi lokha kufufuzidwe tsiku lomwelo. Pa gulu C, musataye nthawi kuwerenga timisomali ndi mawashala. Ikani pa sikelo, kapena werengani mabokosi osatsegula ndi kuyerekeza lotsegulalo, ndipo kusiyana kochepa mungokukonza m'buku.

Mukapeza kusiyana, musathamangire kuloza chala mphwanu, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwafunsa ngati pali katundu wofika amene sanalembedwe, wotengedwa pa ngongole popanda lisiti, kapena wolipiridwa kale amene mwini wake sanadzatenge. Kenaka yang'anani maonekedwe a kusiyanako. Ngati malata a geji ina achepa ndi asanu, pamene a geji yoyandikana nayo achuluka ndi asanu, palibe wakuba: wina anapereka mtundu uwu nalemba uwo. Ngati kusiyana kukugwa uku ndi uku, lero kuchepa, mawa kuchuluka, vuto lili pa kalembedwe kapena kawerengedwe. Koma ngati sabata ndi sabata kukugwera mbali imodzi, kuchepa kokhakokha, pamenepo pali pobooka, ndipo poyamba kuyang'ana ndi potsitsa katundu m'lole, pomwe munthu amasaina kuti walandira matumba 200 asanawawerenge. Phindu la kuwerenga sabata iliyonse ndi lakuti mufunafuna cholakwa cha masiku asanu ndi awiri, anthu akukumbukirabe, osati cha chaka chonse, mapazi atafufutika kale.

Komabe ndikanakhala mlangizi wosakhulupirika ndikanapanda kukuuzani malire a njirayi, pakuti iyo imaona ndalama zokha, ndipo pali zina zimene ndalama siziona. Choyamba, katundu wamng'ono, wokwera mtengo ndi wosavuta kulowa m'thumba la malaya, monga maloko, mumukweze kupita m'gulu A ngakhale masamu atamuika m'munsi. Chachiwiri, gulu C ndi lowerengedwa kamodzikamodzi, koma si losiyidwa kuti lithe: misomali ya malata ikasowa, wogula malata adzapita kwa mnansi wanu amene ali ndi zonse ziwiri, ndipo mudzataya malonda a gulu A chifukwa cha kanthu kakang'ono. Popeza katundu wotere samanga ndalama zambiri, muziwoda wochulukirapo, ndi kupatula bokosi limodzi lomata, kuti tsiku limene latsegulidwa likhale tsiku looda wina. Chachitatu, samalani nyengo: makasu, amene amagona chaka chonse, amadzuka mu Okutobala ndi Novembala anthu akamakonza minda, ndipo ulendo wawo umodzi wa pachaka uyenera kugwa nyengoyo isanafike. Chachinayi, katundu amene sanagulidwe chaka chonse adzagwera pansi penipeni pa mndandanda, ngakhale atakhala wa ndalama zambiri. Mumulembe padera, chifukwa funso lake si la kuwerenga, koma la kumutsitsa mtengo kuti achoke.

Pomaliza, mitengo imasintha ndipo zokonda za ogula zimasuntha, kotero mndandanda umenewu muziukonzanso kamodzi pa chaka, pogwiritsa ntchito mitengo yoodera ya nthawi imodzi pa mitundu yonse, osasakaniza woodera ndi wogulitsira. Koma musadikire kuti mitundu 400 ithe kusanjidwa kuti muyambe. Lolemba likudzali, musanatsegule chitseko, lowani kuseri ndi kope lopanda nambala, muwerenge simenti ndi malata inu mwini, thumba ndi thumba, lata ndi lata. Mahinjesi akhoza kudikira.