Phunziro: Kusamala ndevu zazifupi ndi khungu louma

Kuno kwa Kaluluma mvula ikatha mpweya umauma. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira, mphepo ya mwera n'kumaomba. Nthawi imeneyi abambo ambiri amakhala m'zigafa, kusankha ndi kumanga fodya, fumbi lili kobo. Nkhope imatuwa, kunsi kwa ndevu kumayabwa, ndipo munthu akakanda pamagwa timamba toyera.

Chimaumitsa khungu n'chiyani?

Khungu limapanga mafuta akeake. Mafutawa amatulukira pamene pamerera tsitsi, ndipo ntchito yake ndi kutseka madzi kuti asachoke pakhungu. Sopo wochapira zovala ndi waukali, amachotsa mafutawo. Madzi otentha kwambiri amachitanso chimodzimodzi. Mafuta akachoka, mphepo imaumitsa khungu msanga. Ndevu nazo zimasunga fumbi ndi thovu la sopo. Thovulo likaumira momwemo, kuyabwa kumayamba.

Vaselini sathira madzi pakhungu, amangotsekera amene alipo kale. N'chifukwa chake munthu wodzola pankhope youma amangonyezimira, koma kuyabwa osatha. Dzolani khungu likadali lonyowa pang'ono.

Zofunika kugula

Zinthu zinayi n'zokwanira: sopo wosambira wosanunkhira kwambiri, kabotolo ka vaselini, chipeso cha mano aafupi, ndi lezala yanuyanu. Zoterezi zimapezeka m'magolosale, monga a pa Nkhamenya. Ngati ndalama yachepa, yambani ndi vaselini. Sopo wa kumaso muzimuika payekha pouma kuti asasungunuke msanga.

Ndondomeko ya sabata

Tiyerekeze bambo amene amakhala m'chigafa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

M'mawa uliwonse asukusule ndi madzi okha, opanda sopo. Apukute mogundagunda ndi kansalu koyera, osakhula. Kenaka atape vaselini wochepa ngati njere ya chimanga, amutikite m'manja, n'kumulowetsa ndi nsonga za zala mpaka afike pakhungu la kunsi kwa ndevu. Akatero apese.

Madzulo akaweruka asambe m'manja kaye, chifukwa zomata za fodya zimawawa pakhungu long'ambika. Kumaso atsuke ndi madzi ofunda pang'ono, n'kudzola ngati m'mawa muja.

Sopo alowe m'ndevu katatu pa sabata: Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Atsukuluze bwino mpaka ndevu zisiye kuterera.

Loweruka madzulo ndiye tsiku lometa. Ayambe wanyowetsa ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi zitatu kuti zifewe. Lezala ingodutsa m'mphepete, m'masaya ndi pakhosi, motsata kumene ndevu zalozera. Kumeta mobwerera kumadula tsitsi pafupi kwambiri ndi khungu. Tsitsi lopotana likamakula limapindikira m'khungu, n'kutulutsa tiziphuphu towawa. Lezala ikayamba kukoka ndevu, yabuntha, aitaye m'chimbudzi. Kufupikitsa ndevu zonse kungachitike kamodzi pa masabata awiri, ndi sizasi kapena ndi makina kometera.

Lezala sabwerekana, ngakhale pachibale, chifukwa magazi otsalirapo angathe kupatsira matenda a chiwindi kapena kachilombo ka HIV. Kometera, pemphani ometawo kuti ayambe apukuta makina ndi sipiliti inu mukuona.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda?

Tsatirani ndondomekoyi masabata awiri, kenaka muone. Ngati nkhope ikukokabe mukangosamba, chepetsani sopo, akhale kawiri pa sabata. Ngati fumbi likumatirira m'ndevu kapena mwatuluka tiziphuphu, vaselini wachuluka, tapani theka lake. Kukatentha mu Okutobala thukuta limachuluka, choncho kudzola madzulo okha kungakwanire.

Pali zina zimene si kuuma wamba. Chigamba chozungulira chimene ndevu zikuthothokapo chingakhale chipere. Timamba tamafuta tachikasu m'mbali mwa mphuno ndi m'nsidze, kapena tizilonda ta mafinya, nato timafuna mankhwala. Vaselini sachiza zimenezi. Pitani kuchipatala, ndipo musamete pamalopo mpaka achipatala akuuzeni.

Mafunso

1. Kodi mafuta a khungu amagwira ntchito yanji?
2. N'chifukwa chiyani tiyenera kudzola khungu likadali lonyowa?
3. Tchulani masiku atatu otsuka ndevu ndi sopo.
4. Kodi chimachitika n'chiyani munthu akameta mobwerera?

Ntchito

Lembani masiku a sabata m'kope mwanu. Pambali pa tsiku lililonse lembani chimene muzichita. Mukapita kugolosale funsani mitengo ya zinthu zinayi zija, muilembe, ndipo muwonkhetse.