PHUNZIRO: LILIME LACHILENDO SILILETSA KUMVANA

Mlendo akayamba kuphunzira Chichewa, kawirikawiri amavutika mumtima chifukwa mawu ake satuluka monga atulukira mkamwa mwa mbadwa. Ena amafika pongokhala chete pa msonkhano, kuopa kusekedwa. Komatu pali zinthu ziwiri zosiyana: china ndicho katchulidwe kosonyeza kumene munthu adachokera, china ndicho kumveka kwa zimene akunena. Choyambacho ndi chizindikiro chabe, koma chachiwiricho ndiye ntchito yeniyeni ya chiyankhulo.

Zimene adapeza akatswiri

M'chaka cha 1995 akatswiri awiri a ku Canada, a Murray Munro ndi a Tracey Derwing, adasindikiza zotsatira za mayeso awo. Adajambula mawu a anthu 10 obadwa ndi Chitchaina akuyankhula Chingerezi, napatsa eni Chingerezi 18 kuti amvetsere. Omverawo adalemba liwu lililonse limene adamva, ndiponso adapima kulemera kwa lilime lachilendo la woyankhula aliyense. Zidaoneka kuti mawu ambiri amene adati ndi achilendo kwambiri adawalembabe osalakwitsa. Ndiye kuti khutu litha kudabwa ndi katchulidwe pomwe nzeru zamva zonse.

Kulakwa kopanda vuto ndi kulakwa kosokeretsa

Chifukwa chake nchakuti malembo sasenza katundu wofanana. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa mawu. Munthu anene “kulira”, “kulila” kapena “kurira”, onse adziwa kuti pali misozi. Mlendo amene atha mwezi akulimbana ndi malembo amenewa wangotaya nthawi.

Koma kampweya kamene kalembedwa ndi h pambuyo pa p, t ndi k nkolemera ndithu. “Mnyamata waponya” ndi “mnyamata waphonya” ndi nkhani ziwiri: woyambayo watulutsa mwala m'dzanja, wachiwiriyo walephera kugenda mbalame. Chimodzimodzinso “kukoma” ndi “kukhoma”: china ncha uchi, china ncha msomali. Apa mlendo akalakwa, womvera sazindikira nkomwe kuti pali cholakwa. Iye amamva liwu lina lenileni, napita kwawo ndi uthenga wina. Pamene palibe liwu lopikisana nalo, vuto limachepa: wonena “kupika” m'malo mwa “kuphika” amusekerera, koma nsima aidya.

Nako kukweza ndi kutsitsa mawu kumasiyanitsa “mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika. Koma apa mawu oyandikana nawo amapulumutsa, pakuti palibe amene akwera mtengo wa mchere.

Njira yoyesera

Katekisti wothandiza mlendo asayambe nkufunsa kuti, “Kodi akumveka ngati Mchewa?” Mchewa wake uti, poti wa ku Kasungu ndi wa ku Chipata satchula mofanana? Koma achite motere. Alembe ziganizo khumi zazifupi, zina zokhala ndi “ponya”, zina “phonya”, zina “koma”, zina “khoma”. Mlendoyo aziwerenge mokweza, ndipo munthu wachitatu amene sadazione azilembe. Wolembayo akhale wosazolowerana naye, chifukwa mnzake wa masiku onse adaphunzira kale kumumva ndipo adzakonza zolakwa mosadziwa. Pofanizira mapepala awiriwo, pamene pasiyana ndi pomwe pali ntchito. Zina zonse azileke.

Ngati pepala lasonyeza “waponya” pamene mlendo adafuna “waphonya”, mankhwala ake ngapafupi. Agwire kapepala kopepuka patsogolo pa milomo. Ponena “phonya” kapepalako kagwedezeke, ponena “ponya” kakhale pafupifupi duu. Abwereze mawu awiriwo mosinthanasinthana kufikira wolemba uja aleka kuwasokoneza.

Mchewa pa Chingerezi

Lamulo lomweli limtsata Mchewa pophunzira Chingerezi, koma katundu amasinthana malo. Kumeneko l ndi r ngolemera: liwu lotanthauza kupemphera ndi lotanthauza kusewera asiyana pa lembo lomwelo basi. Pomwe th wa Angerezi, wotchulidwa lilime lili pamano, amene ana asukulu amavutika naye, mayi Jennifer Jenkins m'buku lawo la mu 2000 sadamuike pakati pa zofunika kuti anthu a mitundu yosiyana amvane. Wophunzira wanzeru ayambe ndi l ndi r.

Malire ake

Izi sizitanthauza kuti katchulidwe kalikonse nkabwino. Mawu atha kumveka koma movutikira, womvera nkutopa ulaliki usanathe. Kuwerenga mosathamanga ndi kupuma pamene pathera ganizo kumachepetsa vuto limeneli. Ndipo munthu wophunzira chiyankhulo atakula kale, kawirikawiri lilime la kwawo silimchoka konse. Kumfunsa kuti alitaye ndiko kumsenzetsa katundu wosatheka, koma kumfunsa kuti asiyanitse “ponya” ndi “phonya” nchinthu chimene angathe.

Mafunso okambirana

1. Nchifukwa chiyani “kulila” sikusokeretsa, pomwe “kuponya” m'malo mwa “kuphonya” kusokeretsa?
2. Wolemba ziganizo zoyesera akhale munthu wotani?
3. Ndi mawu ena ati awiriawiri amene asiyana ndi h yekha?