Phunziro la Ntchito za Manja: Lichero la Mphatso pa Maukwati ndi pa Miyambo

Magulu a amayi amatifunsa kawirikawiri chimene angapange kuti agulitse pa nyengo ya maukwati ndi ya miyambo yathu. Ife timawalangiza kuti ayambe ndi chinthu chimodzi chimene mkwatibwi aliyense amachifuna, ndicho lichero la nsungwi lokhala ndi mthiko, chipande, epuloni ndi tinsalu tiwiri tophulira mapoto, zonse zitavundikiridwa ndi chitenje. Mphatso imeneyi imayenera pa kicheni pate, ndiponso alendo a kumiyambo amainyamula mosavuta.

Mdani wamkulu wa malondawa ndi kufumbwa. Nsungwi yanthete imakhala ndi chakudya chambiri chimene tizirombo toboola timachifuna, ndipo lichero lake limayamba kutulutsa ufa pakapita miyezi yochepa. Kaya gulu likuluka lokha kapena likugula kwa abambo oluka kumidzi, lionetsetse kuti nsungwi ndi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo, ndi kuti inadulidwa mvula itatha. Iviikidwe yonse m'madzi oyenda kwa milungu itatu kapena inayi kuti chakudyacho chisukuluke, kenaka iumitsidwe pamthunzi, popeza dzuwa lamphamvu limaing'alula. Lichero likalukidwa, lipachikidwe kukhitchini kuti utsi ulilowe. Musalithire mankhwala ophera tizirombo kapena vanishi, chifukwa lidzapetera ufa wodya anthu. Musanagule, ligogodeni pamwamba pa nsalu yakuda. Mukaona fumbi loyera kapena timabowo tonga toboola ndi singano, lisiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Pa zosoka, chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwanira mphatso ziwiri ngati m'lifupi mwake muli masentimita 110. Chichapeni musanadule, chifukwa zina zimafupika ndipo zina zimasuluka. Dulani masentimita 80 ndi kugawa pakati, apo mwapeza maepuloni awiri. Masentimita 25 otsatira apereka zingwe zake, ndipo 40 ena apereka tizidutswa ta masentimita 20 mbali zonse, timene musoke tiwiritiwiri mutaika bulangete lakale pakati. Masentimita 55 otsalawo muwagawe pawiri kuti akhale zovundikira. Nsalu ya nayiloni isalowe m'zophulira, pakuti imasungunuka ikakhudza poto wamoto.

Tsono tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Kapata waitanitsa mphatso 20 zoti akagulitse ku Kulamba, mwambo wa Achewa wochitikira ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti. Mitengo iyi ndi yongophunzirirapo. Inu muikepo ya pamsika wanu. Lichero tiliike pa K40, mthiko ndi chipande K30, theka la chitenje K40, ulusi ndi mayendedwe K10. Pamodzi ndi K120. Tionjezepo K40 ya thukuta la wosoka ndi K20 ya thumba la gulu, ndipo mtengo wafika K180. Mphatso zonse zibweretsa K3,600, koma zipangizo zokha zidya K2,400. Choncho wogulayo apereke K2,400 ntchito isanayambe, kuti akasintha maganizo gulu lisatsale ndi ngongole. Gulu likaiwala kuwerengera thukuta, limaoneka ngati likupindula pamene amayi akugwira ntchito yaulere, ndipo posakhalitsa amagwa ulesi.

Masiku tiwawerenge chobwerera m'mbuyo. Kuti katundu akonzeke pakati pa Ogasiti, nsungwi idulidwe mu Meyi, iviikidwe ndi kuumitsidwa mu Juni, ndipo kuluka ndi kusoka kuchitike mu Julayi, ntchito yokolola itapepuka. Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni ndi yosiyana, popeza imachitika kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili m'kati. Malichero a nthawi imeneyo alukidwe m'chilimwe ndi kusungidwa pamwamba, pouma ndi popita mphepo, osati m'mapepala apulasitiki, mmene amachita nkhungu yakuda.

Chotsiriza chikukhudza chikhulupiriro chathu. Tsiku lalikulu la miyambo yonse iwiri limagwera pa Sabata, ndipo makicheni pate ambiri amachitikanso tsiku lomwelo. Ichi sichitseka msika, koma chimafuna kukonzekera. Katundu aperekedwe pofika Lachinayi, ndalama zotsala zilandiridwe dzuwa la Lachisanu lisanalowe, ndipo wamalonda agule katunduyo kotheratu, asakhale wotigulitsira ife pa tsiku lopatulika. Mfundo imeneyi ineneni poyera tsiku limene mukupangana za mtengo.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, pangani mphatso imodzi yokha yoyesera, mulembe m'buku zonse zimene yadya ndi maola amene yatenga, kenaka muikepo mtengo.