Kasanjidwe ka Mpukutu wa Zikalata za Msonkhano

Pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'dera, nthawi yambiri imatayika wapampando akanena kuti onse atsegule tsamba 2. Wina amatsegula tsamba 2 la maminitsi, wina la lipoti la zachuma, winanso la koteshoni ya mmisiri, pakuti chikalata chilichonse chidabwera ndi manambala akeake. Choopsa chake n'chakuti mamembala atha kuvomereza ndalama za mlatho aliyense akuyang'ana chiwerengero chosiyana. Pofuna kupewa zimenezi, mlembi amasonkhanitsa zikalata zonse kukhala mpukutu umodzi, ndipo luso lake ndi limodzi, kaya ndi ku khonsolo, ku komiti ya sukulu kapena ku komiti ya m'mudzi.

Chotsogolera ntchito yonse ndi ajenda. Mlembi akagwirizana ndi wapampando za mndandanda wa zokambirana, chikalata chilichonse chimatenga nambala ya mutu wake pa ajendapo. Lipoti la zachuma likakhala pa mutu 5, limalembedwa kuti Chikalata 5, ngakhale litakhala lachitatu mu mpukutumo. Mitu yopanda zikalata, monga pemphero ndi kuwerenga maina a opepesa, imangodumphidwa, ndipo palibe cholakwika ngati mpukutu wayambira pa Chikalata 3. Mutu umodzi ukakhala ndi zikalata ziwiri, zimatchedwa 6A ndi 6B.

Zikalata zikasanjidwa motsatira ajenda, mlembi amalemba manambala atsopano a masamba kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, osayambiranso pa 1. Bolopeni ndi yokwanira, bola manambalawo akhale pa ngodya imodzimodzi ndi kuzunguliridwa, kuti asiyane ndi akale aja. Izi zichitike pa kope loyamba lisanapite kofotokopa.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha komiti yofuna kusankha mmisiri womanga kamlatho. Chikuto ndi tsamba 1, ajenda tsamba 2. Maminitsi a msonkhano wapitawo, Chikalata 3, ali ndi masamba anayi, choncho akutenga tsamba 3 mpaka 6. Chikalata 4, cha zimene zachitika pa mfundo zomwe adamanga, n'cha tsamba limodzi, la 7. Lipoti la msungichuma lili ndi masamba atatu, 8 mpaka 10. Pa mutu 6 pali kalata ya masamba awiri yofotokoza za mlathowo, 6A, pa 11 ndi 12, kenaka makoteshoni anayi a tsamba limodzilimodzi, 6B, pa 13 mpaka 16. Kuwonkhetsa 1, 1, 4, 1, 3, 2 ndi 4 kukupereka 16. Nambala ya tsamba lomaliza ikasiyana ndi chiwonkhetsochi, ndiye kuti tsamba lina lasowa kapena lawerengedwa kawiri. Kawirikawiri wolakwa amakhala tsamba lakumbuyo: koteshoni yolembedwa mbali zonse ziwiri imawerengedwa ngati tsamba limodzi, makina nakopa kutsogolo kokha, pamene mtengo wonse udalembedwa kuseli.

Ngakhale zamkatimu zimakhala pachikuto, zimalembedwa pomalizira, manambala atakhazikika. Pamwamba pamakhala dzina la komiti, tsiku, nthawi ndi malo a msonkhano. Pansi pake mzere uliwonse umatchula nambala ya mutu, dzina la chikalata, wochipereka, masamba ake, ndiponso chimene komiti ikuyenera kuchita nacho. Mzere wa mlatho ungalembedwe motere: "6B, Makoteshoni a mlatho, Mlembi, tsamba 13 mpaka 16, pofunika chigamulo." Gawo lomalizali alembi ambiri amalisiya, chonsecho ndilo limauza membala wotanganidwa ndi kumunda kuti ayambe kuwerenga pati usiku woti mawa msonkhano.

Chovuta chenicheni ndi chikalata chochedwa. Lipoti la injiniya la masamba awiri, loyenera kutsatira 6A, likafika mpukutu usanakopedwe, mlembi amalilowetsa m'malo mwake, nakonzanso manambala ndi zamkatimu. Makoteshoni amasunthira pa 15 mpaka 18. Apa ayang'anenso m'kati mwa 6A, chifukwa ngati mudalembedwa kuti "onani tsamba 14", mawuwo tsopano akuloza kolakwika. Koma likafika mipukutu itagawidwa kale, manambala sasinthidwanso. Masamba atsopanowo amalembedwa 12A ndi 12B, ndipo wapampando amalengeza za iwo potsegulira msonkhano. Kusintha manambala pa makope ena okha kumabweza chisokonezo chija, popeza tsamba 14 la khansala likhala losiyana ndi la a gulupu.

Asanagawe, mlembi amatenga kope limodzi mwa okopedwawo, osati loyamba lija, napatsa munthu amene sadasanje nawo kuti atsegule tsamba lililonse lotchulidwa pachikuto. Mipukutu imafika kwa mamembala m'masiku amene malamulo a komiti adaika, ndipo kope limodzi, pamodzi ndi masamba ochedwa aja, limasungidwa mufayilo ya maminitsi kuti chigamulo cha mlatho chidzalondolozeke.