Phunziro: Kuyankha mochedwa kalata ya intaviyu imene inagwera mu Spam

Lero, ophunzira inu, tiona kalata yaifupi koma yovuta kulemba. Mwafunsira ntchito, mwadikira, ndipo tsiku lina mukufufuza m'imelo mwanu mwapeza kuti anakuitanani kale ku intaviyu, koma uthengawo unagwera mu foda ya `Spam` ndipo tsiku loyankhira lapita. Ambiri akafika pamenepa amangogwira tsaya n'kusiya. Ena amalemba tsamba lathunthu lodandaula. Ine ndikufuna mudziwe kulemba mizere yochepa imene ingathandize wolemba ntchito kusankha msanga chochita nanu.

Tiyambe ndi chimene chimachitika. Makina amene amasefa makalata amakayikira uthenga wochokera ku adiresi imene simunalemberanepo nayo, makamaka ngati uthengawo watumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi kapena uli ndi malo odina olozera kumasamba ena. Makalata oitanira anthu ku intaviyu nthawi zambiri amaoneka chomwecho, chifukwa mabungwe akuluakulu amawatumiza kudzera m'makina awo olembera antchito. Uthenga ukagwera mu `Spam`, foni siilira ndipo suoneka mu `Inbox`. Pa Gmail, uthenga wa mu `Spam` umafufutidwa wokha pakatha masiku 30. Ndiye musanalembe chilichonse, tsegulani uthengawo ndi kudina `Report not spam` kapena `Not spam`, malinga ndi mmene zalembedwera pa foni kapena pa kompyuta yanu, kuti ubwerere mu `Inbox`. Kenako lembani `in:spam` m'malo ofufuzira pamodzi ndi dzina la bungwelo, poti mwina anatumizanso uthenga wachiwiri wokumbutsa kapena wosintha tsiku.

Musaiwale kuti foda imeneyi inapangidwira makalata achinyengo, ndipo ena mwa iwo amabwera ngati oitanira ku ntchito. Dzifunseni ngati munafunsiradi ntchito kumeneko, ngati dzina la udindo likufanana ndi la pachilengezo chija, komanso ngati adiresi ya wotumiza ikugwirizana ndi ya bungwelo. Akanena kuti mutumize ndalama ya fomu kapena yosungira malo musanapite ku intaviyu, musayankhe. Mukakayika, imbani nambala ya pachilengezo chimene munaona poyamba, osati ya m'kalata yokayikitsayo.

Tsopano tiyerekeze ndi nkhani imodzi kuti timvane bwino. Tinene kuti mtsikana wina anafunsira ntchito ya ukalaliki wa zachuma. Bungwe linamulembera Lachiwiri pa 4 Malichi, kumuuza kuti intaviyu idzachitika Lachinayi pa 13 Malichi nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndi kuti atsimikize zobwera lisanafike Lachisanu pa 7 Malichi madzulo. Iye waona kalatayo Lolemba pa 10 Malichi. Onani bwino apa: m'kalatamo muli masiku awiri, loyankhira ndi la intaviyu. Loyamba lamudutsa, lachiwiri lidakali kutsogolo. Kusiyanitsa masiku awiriwa ndiye ntchito yoyamba, chifukwa chimene mudzapemphe chimachokera pamenepo. Mtsikanayu sakupempha tsiku latsopano. Akungofunsa ngati malo ake adakalipo.

Ayankhe tsiku lomwelo, ola lomwelo ngati n'kotheka, ndipo ayankhe podina `Reply` pa kalata yomweyo m'malo moyamba uthenga watsopano. Chifukwa chake n'chakuti mutu wa kalata ndi nambala ya udindo zimatsalira pamwamba, ndipo wowerenga amaona pansi pake kalata imene iye mwini anatumiza. Safunikanso kufufuza kuti inu ndinu ndani pakati pa ofunsira ambirimbiri. Koma yang'anani adiresi: ikayamba ndi `noreply` kapena `no-reply`, nthawi zambiri yankho lanu silifika kwa munthu aliyense. Zikatero, funani m'kalatamo adiresi ya woyang'anira zolemba antchito, ndipo pamutu palembedwe dzina lanu, udindo ndi tsiku la intaviyu.

Uthenga wake ungakhale wotere:

“Okondedwa Amayi, zikomo pondiitana ku intaviyu ya udindo wa kalaliki wa zachuma, imene idzachitike Lachinayi pa 13 Malichi nthawi ya 10 koloko m'mawa. Pepani kwambiri kuti sindinayankhe pofika pa 7 Malichi monga munapemphera. Kalata yanu ya pa 4 Malichi inalowa mu foda ya `Spam` ndipo ndaiona lero. Ntchitoyi ndikuifunabe, ndipo ndine wokonzeka kufika pa tsiku ndi nthawi imene munaika. Chonde ndidziwitseni ngati malo anga adakalipo. Ndaphatikiza makope a masetifiketi amene munapempha. Mukhoza kundipezanso pa nambala ya foni imene ili pansipa.”

Ndalemba mu Chichewa kuti muone kayalidwe kake. Ngati anakulemberani mu Chingerezi, inunso yankhani mu Chingerezi, koma dongosolo likhale lomweli. Ngati kalata yawo inasainidwa ndi munthu, mutchuleni dzina ndi ulemu wake monga analembera mwiniwake.

Onani mmene mizereyi yatsatirana. Woyamba ndi wothokoza, ndipo ukutchula udindo, tsiku ndi nthawi. Munthu amene akuwerenga mwina akuyendetsa maintaviyu a maudindo angapo sabata imodzi, choncho mzere woyamba uyenera kumuuza kuti nkhani ndi iti. Kupepesa kwabwera kachiwiri, kamodzi kokha, ndipo kwatchula tsiku limene linaphonyedwa. Kutchula tsikulo kumaonetsa kuti mwawerenga kalata yonse ndipo mukudziwa chimene mwalakwitsa.

Pa nkhani ya `Spam` ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene ambiri amapunthwa. Kodi ndi bwino kutchula chifukwacho? Ine ndikuti inde, chifukwa ndi zoona, ndipo mukapanda kunena wolemba ntchito angaganize kuti munaona kalata n'kuinyalanyaza. Koma chitchuleni m'chiganizo chimodzi n'kupitirira. Musalembe kuti kalata yawo sinafike, poti inafika. Musawauze kuti akonze makina awo otumizira makalata, ngakhale zitakhala kuti vuto linachokeradi kumeneko. Foda ya `Spam` ili m'imelo yanu, ndipo munthu amene akudikira yankho la ntchito amayenera kuiyang'ana. Wolemba ntchito amamva chifukwa chimenechi kawirikawiri, kwa onena zoona ndi kwa onama omwe, ndipo alibe njira yosiyanitsira. Chimene angathe kuona ndi chakuti mwavomera kuchedwa mosazemba ndipo mwayankha msanga mutangoona. N'chifukwa chake mawu akuti “ndaiona lero” ayenera kukhala oona. Mukaona kalata Lolemba n'kuyankha Lachitatu, mawu amenewa simungawalembenso.

Musawonjezere zifukwa zina. Mukayamba kuti bandulo inatha, magetsi anazima, foni inali kwa okonza, chifukwa chilichonse chatsopano chimafooketsa choyambacho. Chithunzi choonetsa kalatayo ili mu `Spam` sichifunikanso. Palibe amene wakupemphani umboni, ndipo kutumiza chithunzi kumasandutsa kalata yopempha kukhala yodziteteza pamlandu.

Pempho likhale limodzi, loti munthu angayankhe ndi inde kapena ayi. “Kodi malo anga adakalipo?” ndi funso lotero. “Ndithandizeni mmene mungathere” si funso, ndipo limasiyira wowerenga ntchito yoganizira chimene mukufuna. Pomaliza, chilichonse chimene anapempha m'kalata yawo, kaya makope a masetifiketi, chiphaso kapena maina a anthu okuchitirani umboni, chipite pamodzi ndi uthengawu. Wochedwa kale asachititse kuti amulemberenso kachiwiri kumukumbutsa zotsala.

Tsopano tisinthe tsiku. Tinene kuti mtsikana uja waona kalatayo Lolemba pa 17 Malichi, intaviyu itachitika kale. Apa mpando wake unakhala wopanda munthu, ndipo mwina anthu a pagulu lofunsa anamudikira. Kupepesa kukhale kwa kusafika, osati kwa kuchedwa kuyankha kokha, ndipo pempho lisinthe:

“Pepani kwambiri kuti sindinayankhe ndipo sindinafike pa 13 Malichi. Kalata yanu inalowa mu foda ya `Spam` ndipo ndaiona lero. Ndikudziwa kuti mwina mwasankha kale munthu. Ngati simunamalize, ndikupempha mwayi woti mundifunse pa tsiku lina. Ndingathe kufika Lachitatu pa 19 kapena Lachinayi pa 20 Malichi nthawi iliyonse, kapena kuyankha mafunso pa foni. Ngati sizingatheke, ndikumvetsa, ndipo ndingathokoze mutasunga kalata yanga yofunsira ntchito.”

Kutchula masiku enieni awiri kuli ndi ntchito. Gulu lofunsa mafunso limakhala la anthu angapo, aliyense ali ndi ntchito zake, ndipo kuwasonkhanitsanso chifukwa cha munthu mmodzi si chinthu chapafupi. Mukangoti “nthawi iliyonse” osatchula tsiku, wokonza dongosolo alibe poyambira. Koma tchulani masiku amene mungathedi kufika. Ngati muli ku Mzimba ndipo intaviyu ndi ya ku Blantyre, werengerani ulendo ndi ndalama yoyendera musanalonjeze za mawa. Dziwaninso malire a kalatayi: m'maofesi ena, tsiku la intaviyu likadutsa ndondomeko siiwalola kuyambiranso, ndipo ngakhale kalata yolembedwa bwino ingalandire yankho loti ayi. Chiganizo chakuti “ngati sizingatheke, ndikumvetsa” chimathandiza wowerenga kukuyankhani momasuka m'malo mongokhala chete.

Mukatumiza, ngati m'kalata yawo muli nambala ya ofesi ndipo intaviyu yayandikira, imbani nthawi ya ntchito. Nenani dzina lanu, udindo, ndi kuti mwatumiza yankho pa imelo, ndipo mukufuna kutsimikiza ngati lafika. Musabwereze nkhani yonse pa foni. Ngati intaviyu ndi ya Lachinayi ndipo pofika Lachiwiri madzulo simunamve kanthu, imbaninso Lachitatu m'mawa. Ngati tsiku linadutsa kale, dikirani masiku atatu kapena anayi a ntchito, kumbutsani kamodzi mwachidule, basi.

Yankho lawonso likhoza kugwera mu foda yomwe ija. Choncho sungani adiresi yawo pa mndandanda wa anthu amene mumalemberana nawo. Pa kompyuta, mu Gmail mungathenso kupanga lamulo la adiresiyo posankha `Create filter` kenako `Never send it to Spam`. Ndipo kufikira atayankha, tsegulani `Spam` m'mawa ndi madzulo.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Kalata inatumizidwa Lachitatu, yopempha yankho pofika Lachisanu, intaviyu ndi ya Lolemba nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo inu mwaiona Lamlungu madzulo maofesi ali otseka. Lembani uthenga wosapitirira ziganizo zisanu ndi ziwiri, ndipo pansi pake fotokozani chimene mudzachite Lolemba m'mawa ngati palibe amene wayankha.